Ndowa ya Bambo Wübbena

Kalatayo inafika Lachinayi, tili pakati pomwa tiyi wa m'ma leveni. Wamtengatenga anamusayinitsa Gesine pakhomo, ndipo ine ndinadziwiratu kuti si ya moni. M'tauni yathu ino ya Leer munthu sakusayinitsa kalata yokufunira zabwino.

Gesine Tietjen ndi bwana wanga, ngakhale ndikamutchula choncho amandigenda ndi katsulo ka ulusi. Takhala tikukuta mipando ndi masofa m'shopu yomweyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, iye kudula nsalu, ine kusoka. Anang'amba envelopu ndi sizasi, nawerenga mokweza.

Inachokera kwa Hauke Wübbena, mwini nyumba. Inati kuyambira Novembala mpaka Malichi, Mayi Tietjen akhala akupereka mayuro 900 m'malo mwa 1,500 pamwezi. Ngongole yafika 3,000, kuphatikizapo chiwongoladzanja cha mayuro 42 ndi masenti 38. Ndalama zonse zikhale zitamufika pofika Lachisanu pa 14 Malichi. Zikapanda kufika, athetsa pangano la lendi nthawi yomweyo, popanda chenjezo lina. Kumapeto anati, "Ndi moni waubwenzi."

"Waubwenzi," anatero Gesine. "Almut, takhuthula ndowa ija, yadzaza."

Ndowa imeneyi ndiyo inali gwero la nkhani. Denga la chipinda chakumbuyo, komwe timasungako nsalu, linayamba kudontha mu Okutobala. Madzi anawononga mipukutu iwiri ya nsalu yodula. Gesine analembera Hauke katatu, iye zii. Ndiye anayamba kudula mayuro 600 pa lendi mwezi uliwonse, n'kumawasunga padera ku banki. Sanadyepo ngakhale senti. Ankangoti salipirira chipinda chomwe mumalowa ndi ambulera.

Hauke ndinkamudziwa kuyambira ali kamwana kamamina. Bambo ake, malemu Wübbena wamkulu, ankabwera yekha kudzatenga lendi, n'kumwa makapu atatu a tiyi, n'kukwera padenga ndi nyundo ngati pali vuto. Mwanayu analowa chuma cha nyumba zinayi ndi jekete labwino. Mtauni monse munkamveka kuti ena ofuna kutsegula malo omwera khofi amulonjeza lendi yowirikiza pa shopu yathu. Ndinkadana naye, ndipo sindibisa.

"Sindimupatsa," anatero Gesine. "Akonze kaye denga."

"Pita ukaonane ndi loya."

"Loya akakwera padenga?"

Ndinamuumiriza masiku atatu mpaka anatopa nane. Lachiwiri tinapita kwa Mayi Oltmanns, loya wa pafupi ndi doko, titanyamula pangano la lendi lomwe Gesine anasayina ndi wamkulu uja. Mayiwo anawerenga mwakachetechete, nafika patsamba lachinayi, naloza ndi cholembera.

"Apa munawerengapo, Mayi Tietjen?"

"Tinagwirana chanza ndi mkulu uja. Panalibe chowerengera."

"Apa pakuti lendi simudula nokha, ngakhale nyumba ili ndi vuto. Mumalipira yonse, kenako n'kuitanitsa zanu padera. Anthu a bizinesi lamulo limawalola kugwirizana zotero. Ndiye pamaso pa woweruza, inu muli ndi ngongole ya miyezi iwiri yathunthu. Mwini nyumba amafunika zimenezo basi kuti akutulutseni."

"Bwanji sanadandaule mu Novembala?" ndinafunsa ine.

"Mu Novembala inali 600. Anadikira ikwane."

Miyezi isanu tikukhuthula ndowa, munthu ali phee mu ofesi kuwerengera pa kalendala.

Mayi Oltmanns anafotokoza kuti wobwereka nyumba yogonamo amapatsidwa mpata wolipira ngakhale kalata yomutulutsa itafika kale, koma wa shopu ayi. Kalata yothetsa pangano ikangofika ngongole isanathe, basi kwatha. Njira inali imodzi: kulipira zonse, mpaka masenti 38 aja, tsiku lisanadutse, n'kulemba kuti ndalamazo zaperekedwa mosavomereza ngongole, ndipo zidzaitanitsidwanso. Za dengazo akalimbana naye pambuyo pake.

"Ndiye kuti ndimugwadire," anatero Gesine.

"Ayi, mayi. Mumulande ndodo."

Lachitatu lonse Gesine anakhomerera misomali ngati mipandoyo ndiyo yamulakwira. Kunabwera foni ya Mayi Saathoff, omwe ankafuna tikute sofa la amayi awo ukwati wa mwana wawo usanafike mu Juni. Gesine anati, "Ndikuimbirani," nabweza foni. Sindinamuonepo akukana ntchito chibadwire. Apa m'pamene ndinachita mantha, chifukwa ndinadziwa kuti nayenso sakudziwa ngati mu Juni tidzakhala tili muno.

Lachinayi ndinamulalatira.

"Iwe uli ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ine ndatsala pang'ono. Ndani atipatse shopu ina? Makina awa uwaika kuchipinda kwako? Ukufuna kupambana mkangano kapena kukhala ndi khomo lotsegula m'mawa?"

"Walipidwa zingati ndi Hauke?"

"Wandilonjeza khofi waulere."

Anaseka pang'ono, osafuna. Koma tsiku limenelo silinamuone ku banki. Munthuyu liuma lake n'lobadwa nalo.

Lachisanu m'mawa anafika atavala chikhotho chake cha kutchalitchi. Anali atalemba kale fomu yotumizira ndalama, pamanja, zilembo zoongoka bwino. Gesine sakhulupirira zolipira pa kompyuta. Tinapita limodzi ku banki mvula ikuwaza. Mayi wa pakauntala anayang'ana fomuyo nati ndalama zikafika Lolemba, mwina Lachiwiri.

"Lolemba?" anatero Gesine. "Akaunti yake ili kutsidya kwa msewu uku."

"Ndi banki ina, mayi. Fomu yapepala imatenga masiku awiri ogwira ntchito."

Kalata ija sinanene za tsiku lotumiza. Inanena za tsiku lofika.

Gesine anaimbira Mayi Oltmanns pomwepo. Ndinkamva mawu awo ali pafoni: pangano lomwelo, patsamba lachiwiri, limalola kulipira lendi pamanja ku ofesi ya mwini nyumba. "Tengani ndalama, tengani mboni, mukatenge lisiti. Akakana kulandira pamaso pa mboni, sangadzanene kuti mwachedwa. Koma fulumirani, Lachisanu maofesi amatseka thwelofu."

Inali leveni koloko itadutsa. Gesine anang'amba fomu ija, natapa ndalama, napempha kuti masenti 38 amupatse enieni. Potuluka anakhotera ku shopu.

"Nthawi, Gesine."

"Pali katundu wake wina."

Anatuluka atanyamula ndowa ija, madzi abulauni ali m'khosi. Anayenda nayo msewu wonse wa mashopu, chikhotho cha kutchalitchi chikunyowa m'mphepete, anthu akupatuka. Ine pambuyo ndi envelopu ya ndalama pachifuwa, manyazi ndi kunyada zikulimbana.

Tinamupeza Hauke akuvala jekete, makiyi ali m'manja. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti atseke.

"Mayi Tietjen. Mukanaimba kaye foni."

"Ndinaimbapo mu Okutobala. Khalani pansi, Bambo Wübbena, muwerenge ndalama zanu."

Ndinaika envelopu patebulo. Pambali pake panali envelopu ina yomata kale, dzina la shopu yathu lili pamwamba. Hauke anaikokera pansi pa nyuzipepala, koma mochedwa. Munthu anali atalemba kale kalata yotitulutsa tsiku lisanathe.

"Ndalama zapamanja sitilandira kuno," anatero. "Tumizani ku banki monga mwa nthawi zonse."

"Kuti zifike Lolemba?"

"Imeneyo si nkhani yanga."

Gesine anatulutsa pangano m'chikwama, nalitambasula patsamba lachiwiri. "Siginecha iyi mukuidziwa? Ndi ya bambo anu. Ine tsamba lachinayi landiluma, ndavomera. Inunso lachiwirili likulumeni. Almut, nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi khumi kuti ikwane thwelofu, Lachisanu pa 14," ndinatero mokweza, ngati ndili kale m'khoti.

"Lemba. Ulembenso zomwe ayankhe bwanawa."

Hauke anayang'ana ine, anayang'ana cholembera changa, kenako anakhala pansi. Anawerenga ndalamazo kawiri. Ndikhulupirira ankapemphera kuti paperewere kanthu. Gesine anamuikira masenti aja limodzilimodzi patebulo, lomaliza analikankha ndi chala.

"Lisiti," anatero. "Mulembepo kuti ndalipira mosavomereza, ndipo ndidzaziitanitsa chifukwa cha denga."

"Zimenezo sindilemba."

"Musavutike, ndalemba kale. Inu sayinani kuti mwalandira ndalama ndi kalatayi."

Anasayina. Makutu ake anali atafiira ngati tsiku lomwe anaswa zenera lathu ndi mpira ali mwana.

"Mukudziwa kuti pangano lanu litha pakapita zaka zinayi," anatero, osadzutsa mutu. "Sindidzaliwonjezera."

"Zaka zinayi ndi masofa ambiri, Hauke."

Kenako Gesine anawerama, nanyamula ndowa ija, naikhazika patebulo pafupi ndi nyuzipepala. Madzi anatayikira pang'ono, nayenderera kulowera kumene kunabisala envelopu ija.

"Ichi n'chiyani?"

"Zanu. Zachokera padenga lanu. Ndalipira lendi yonse, ndiye sindikufuna kusunga chilichonse cha eni ake. Lolemba mulandira kalata ya loya wanga, nayonso ili ndi tsiku lake. Muiwerenge bwino, mpaka tsamba lomaliza."

Tinatuluka. Mayuro zikwi zitatu anali atapita kwa munthu yemwe sanakhomepo msomali ndi umodzi womwe, ndipo panalibe wotilonjeza kuti adzabwerera onse. Gesine zinkamupweteka, inenso zinkandipweteka.

Titafika ku shopu tinamva madzi akugwera pansi m'chipinda chakumbuyo, tho, tho, pasimenti.

"Wasiya ndowa yathu yokhayo," ndinatero.

"Ika poto wa tiyi."

"Nanga tiyi timwera chiyani?"

Sanandimve. Anali atavula kale chikhotho, foni ili pakhutu, dzanja lina likutsegula buku la maoda patsamba la Juni.

"Mayi Saathoff? Ndine Tietjen. Sofa lija bwerani nalo."