Shuga wa pamaliro sayenda ndi supuni

Pa maliro a apongozi ake ku Engutwini, Marjory ndiye anapatsidwa ntchito yokonza tiyi. Anawerengera anthu mazana anayi, nagula mapaketi khumi a shuga, kilo imodzi ya masamba ndi makilo atatu a mkaka waufa. Zonsezi ankafuna kuthiriratu m'migolo ya tiyi, kuti aliyense azingolandira kapu yake.

Mlamu wake Chikomeni anakana. "Mkakawo thirani, koma shuga ayi. Kwabwera mabwana ochokera ku Boma, ndipo munthu wamkulu amadzithirira yekha. Mukufuna azitinena kuti ndife oumira?"

"Ndapota alamu, shuga wa pamaliro sayenda ndi supuni. Atha tisanafike pakati."

Chikomeni anangokhuthulira shuga yense m'beseni n'kupita nalo kwa abambo. Marjory ankaonera patali akukukuta mano: uyu masupuni anayi, uyo asanu odzaza tho! Beseni linabwerako lili mbee, amayi amene anachezera kuimba m'siwa asanalawe n'komwe. Golosale yapafupi inali yotseka, mwini wake ali pamaliro pomwepo.

Chikomeni anabwera kumigolo akukanda m'mutu. "Mbwenu titani, alamu?"

Marjory anatunga tiyi wopanda shugayo n'kumupatsa kapu.

"Yambani ndinu. Muthiremo ulemu wanu uja, tione ngati atsekemere."