Dzina la a Mawa pakati pa akonzi

Pulofesa, mkulu wa gawo lathu ku yunivesite, adalowa mu ofesi mwanga osagogoda n'kutsamira pa kabati.

"Mayi, komiti yokweza anthu pantchito ikumana mwezi uno. Mukupereweza pepala limodzi lokha la kafukufuku. Lija la matenda a nkhuku mukulisungira ndani?"

Ndidawauza kuti jenolo ya bungwe lathu, magazini yosindikiza kafukufuku komwe ndinkafuna kulitumiza, imatenga miyezi yambiri akatswiri akuliunika.

"N'chifukwa chake ndakutumizirani imelo ija. A jenolo ya mu imeloyo sachedwa. Anga awiri adatuluka komweko. Tumizani lero."

Atatuluka ndidatsegula imeloyo. Inkanditcha katswiri wotchuka, ine amene ngakhale mlonda wa pageti amandifunsabe chitupa. Inkalonjeza kuti pepala liunikidwa ndi kusindikizidwa sabata isanathe. Dzina la jenoloyo linkangosiyana liwu limodzi ndi la ina yodziwika imene tonse timailakalaka.

Pepalalo lidandidyera zaka zitatu ndikuyenda m'makola a anthu. Ndidalikweza pa tsamba lawo la pa intaneti, kungotsala kudina kuti lipite. Kenako ndidati ndione kaye akonzi ake ndi ndani. Pakati pa nkhope zachilendo padali a Mawa.

A Mawa ndi mnzanga wa ofesi yoyandikana nayo. Tidawapatsa dzinalo chifukwa chilichonse ukawapempha amati mawa. Ndidanyamula laputopu n'kuwapeza akuchonga mayeso.

"Achimwene, mudakhala mkonzi osatiuza?"

Adavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Chithunzichi achitenga pa tsamba la yunivesite. Anthu amenewa sindikuwadziwa, achemwali. Palibe adandipemphapo."

Kwa nthawi yoyamba sadanene kuti mawa. Adakankhira mayeso kumbali ndipo tidayamba kufufuza. Jenoloyo inkati ili mu Scopus ndi mu DOAJ, makaundula amene timayang'anamo majenolo ounikidwa bwino. Tidalemba dzina lake ndi nambala yake ya ISSN m'makaundulamo. Simudatuluke kanthu. Za malipiro sadalembe paliponse. Adiresi yawo titaiika pa mapu idatifikitsa pa sitolo yogulitsa matayala. Tidatsegula mapepala amene adasindikiza kale: la mano, la migodi ndi la galamala, onse m'kope limodzi, zolakwika zili mbwee. Lina lidalandiridwa Lolemba n'kuvomerezedwa Lachitatu.

Pepala likatuluka kumeneko, jenolo yeniyeni singalilandirenso, ndipo anthu otere ukati ulichotse amangokhala chete kapena kukulipiritsa.

"Mwatumiza?"

Adali Pulofesa, ataima pakhomo. A Mawa adayang'ana pansi.

"Ayi, bwana."

"Chavuta n'chiyani?"

Munthu ameneyu ndiye adandiphunzitsa, ndiyenso amakhala mu komiti ija.

"Bwana, jenoloyi ndi yachinyengo."

"Mukuti mapepala anga ndi achinyengo?"

"Mapepala anu ayi. Koma kodi ataunika adakubwezerani ndemanga zotani?"

"Adati ndi abwino."

"Basi?"

A Mawa adatembenuza laputopu. "Bwana, akuti ine ndine mkonzi wawo. Ine ndemwe, amene malipoti anu a chaka chatha sindidakupatsenibe."

Palibe adaseka. Pulofesa adakoka mpando n'kukhala. Adalemba okha dzina la jenoloyo m'kaundula, kachiwiri, kachitatu, akusintha kalembedwe. Panja ophunzira ankakokera mabenchi.

"Ndidauzanso ophunzira anga awiri a digiri ya masitazi kuti atumize komweko," adatero Pulofesa motsitsa mawu.

"Atumiza kale?"

"Sindikudziwa."

Adadzuka n'kutuluka mofulumira, foni ili kukhutu. Tidawamva m'khonde akufunsa mmodzi wa ophunzirawo ngati wasaina chilichonse ndi jenoloyo.

Mmodzi adali atatumiza kale, winayo ayi. Woyambayo adalemba kuti akulichotsa pepala lake, ndipo yankho lidangokhala lomuuza kuti alipire. A Mawa nawo adalemba kuti dzina lawo lichotsedwe, koma mpaka lero nkhope yawo ikadali pompo.

Ine komiti idandidumpha chaka chimenecho. Pepala ndidalitumiza ku jenolo ya bungwe lathu. Patapita miyezi lidabwerera ndi ndemanga za akatswiri awiri, mmodzi waulemu, wina wolusa ngati ndidamupondera mwana. Wolusayo adapeza kuti ndidasokoneza ziwerengero pa tebulo lina, ndipo ankanena zoona. Ndidatseka chitseko, ndidalira pang'ono, kenako ndidatulutsa mafayilo a m'makola aja n'kuyambanso kuwerengera.