A Kabokosi Kofiira

Beatrice anali akumata mitengo yatsopano pa mabokosi a mankhwala pamene kabaza inaima pakhomo pa famase yake, m'mphepete mwa msewu wa tala pa Golomoti. Amene anatsika anali azakhali ake, a Sabina, achemwali a bambo ake. Anatsika pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira phewa la wa kabaza, lina pamphumi.

"Mwaswera bwanji azakhali?"

"Moni tipatsana bwino. Yamba wandipatsa a kabokosi kofiira."

Mankhwala awo a BP ankawatchula choncho. Dzina lake lenileni analibe nalo ntchito. Beatrice anatsitsa kabokosiko. A Sabina anakatembenuza, nayamba kukanda kapepala ka mtengo ndi chikhadabo mpaka ka pansi pake kanaonekera. Kapamwamba kanali K14,000. Kapansi kanali K8,000.

"Ndimadziwa ine. Ndi komweko kamene ndinakaona mwezi watha. Kakhala pamenepa, sikanakwere ndege, sikanapite ku Amereka. Ndiye dola wanuyo wakapeza bwanji pa shelefu?"

"Kabokosi ndi komweko, sindikukana."

"Suchitanso manyazi?"

Beatrice anawakokera mpando. Funso limeneli anali ataliyankha kwa aphunzitsi, asodzi ndi abusa chigwere kwacha, koma onsewo sanamusambitsepo ali khanda.

"Kameneka ndinakaoda pa K6,000 ku Lilongwe, n'kuikapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Apo m'pamene pamachoka lendi, magetsi a fuliji, laisensi, thiransipoti, ndi mankhwala amene amatha mphamvu asanagulidwe. Otsala ndiwo anga. Panopa kumene ndimaodako akuti K10,500. Ndikakupatsani pa K8,000, kofiira kena koti ndiike pamenepa ndikagula ndi chiyani?"

"Ukawauze kuti akuba."

"Nawonso amagula kunja, ndi madola. Kwacha itagwa, dola yomweyo ikufuna makwacha ambiri. Ndiye kubanki madola ake sapezeka msanga. Masiku ano akakuuza mtengo Lolemba, Lachisanu umayamba waimbanso foni."

"Zonsezo ndi za inu ophunzira. Ine ndabwera ndi eyiti sauzande."

Anamasula mfundo ya pa chitenje kuti aonetse ndalamazo. Pamodzi ndi ndalama panagwa kapepala ka pulasitiki, ndipo m'katimo munali tizidutswa ta mapilisi, tina tokhota, tina tofumbutuka. Beatrice anakatola.

"Ichi n'chiyani?"

"Si mankhwala omwewo?"

"Wadula ndani?"

"Ine. Ndi mpeni wa tomato." Anayang'ana kumsewu. "Ndinatuma amuna anga a Ezekiele kuti adzandigulire. Anabwerako chimanjamanja, akuti mwana wa achimwene ako wapenga, wakweza. Ku chipatala chaching'ono anati atha. Ndiye ndinati otsalawo ndiwatalikitse."

Beatrice anakumbukira tsikulo. A Ezekiele anaima pakhomo ndi njinga, kufunsa mtengo wa kabokosi kofiira, kuimba mluzu, n'kumapita iye asanamalize ndi kasitomala wina. Beatrice anati adzawaimbira. Ntchito inamuchulukira.

"Mwakhala mukumwa theka kuyambira liti?"

"Masabata angapo. Masiku ena ndimapumira."

"Bweretsani mkono."

"Sindinabwerere zimenezo."

"Mkono, azakhali."

Anawakulunga lamba wa makina oyezera BP. Makina analira, lamba anafufuma. A Sabina ankayang'ana denga ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Manambala atatuluka, Beatrice sanawatchule msanga. Anali okwera. Anawafunsa ngati akuona bwinobwino, ngati pachifuwa pakupweteka, ngati dzanja kapena mwendo ukuchita dzanzi. Anati ayi, mutu wokha, kunkhongo kuno. Anawauza kuti akhale phee pang'ono, n'kuyezanso. Manambala anatsikako, koma osati mokwanira.

Beatrice analowa kuseri kwa kauntala, nabwerako ndi bokosi loyera, lalikulu, lopanda chithunzi.

"Ayi," anatero a Sabina lisanafike patebulo. "Amenewo unandionetsa kale. Ndi aja a boma. Opanda mphamvu."

"Magalasi mwatenga?"

"Ndili nawo. Bwanji?"

"Werengani apa. Osati malemba akuluakuluwo, amenewo ndi dzina limene kampani inangopereka. Ang'onoang'ono a pansiwa."

A Sabina anavala magalasi, nayandikitsa kabokosi kofiira kumaso. Anaphunzira mpaka sitandade sikisi kwa asisitere ku Mua ndipo sankalola kuti wina awawerengere.

"A-mu-lo-di-pi-ni. Teni."

"Tsopano apa."

Anatenga loyeralo. Milomo inayenda. Anabwerera ku kofiira, kenaka ku loyera kachiwiri, chala chikutsata chilembo chimodzichimodzi ngati akusankha mpunga.

"Ndi apachibale?"

"Ndi munthu mmodzi, wangosintha malaya. Mankhwala ake amodzi, mphamvu yake imodzi, ndipo onse ndi ovomerezeka. Ofiirawa kampani yake ndi yotchuka, amadzera ku Joni, amabwera ochepaochepa m'kabokosi. Oyerawa ndi a ku India, amabwera ambiri pakamodzi, ndipo ndimaoda kwa ena. Kakhadi ka mapilisi khumi ndimagula K900, ndimagulitsa K1,200."

A Sabina anawerengera mumtima. Pa masamu a pamsika sankafuna thandizo.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndimagula utoto?"

"Ndinakuuzani chaka chatha. Munati simumwa mankhwala a anthu ovutika."

"Ine ndinatero?"

"Pamaso pa anthu."

"Unayenera kulimbikira. Mwana wanji iwe wongomva kamodzi?"

Beatrice anaseka.

"Koma ndisakunamizeni, nawonso adzakwera. Amenewa anthu amene ndimaodakowo anali nawo kale kwacha isanagwe, ndipo sanasinthebe mtengo. Andichenjeza kuti katundu wotsatira sadzakhala choncho. Koma sadzafika pa ofiirawa."

"Ndiye ndipatse a miyezi iwiri asanadzidzimuke."

Beatrice anayang'ana m'kabuku kawo ka kuchipatala kuti atsimikize mlingo umene dokotala analemba, naika makhadiwo m'kathumba, n'kulembapo: limodzi tsiku lililonse. Anathira madzi m'kapu.

"La lero mwamwa?"

"Lero linali tsiku lopumira."

"Imwani pompano. Lathunthu."

A Sabina anatulutsa pilisi, naliyang'ana mbali zonse ngati lingawalume, kenaka anameza. Anadikira pang'ono.

"Sindikumva kusiyana."

"Simuyenera kumva. Mubwerenso pakutha pa sabata ndidzakuyezeni. BP ikapanda kutsika, kapena mutu ukakula, tikupita limodzi ku Mua kwa dokotala. Mpeni usiyireni tomato."

"Nanga tizidutswato?"

"Tisiyeni kuno."

A Sabina anamanga kathumbako pa mfundo ya chitenje, namanganso kachiwiri. Atafika pakhomo anatembenuka.

"A Ezekiele usawauze kuti ndi otchipa. Angamafune chenji."

Panja wa kabaza anali atatsamira njinga yake pamthunzi, akudikira. Beatrice anamva akutchula mtengo wobwerera, ndipo mawu a azakhali ake anakwera mpaka anthu a pa minibasi anatembenuka.

"Wakweza? Iwenso? Miyendo yakoyi umaoda ku India?"

Anatsutsana kwa kanthawi. Kenaka a Sabina anakwera, nakhala chowongoka, dzanja lili pa mfundo ya chitenje, ndipo njinga inalowa m'kamsewu ka fumbi kopita kwawo.