Ndi Nkhawa Chabe, Bwana

Kalatayo inagona masiku anayi m'chikwama cha Loyce, pakati pa rejisitala ya Sitandade 5 ndi kabokosi ka choko. M'mawa uliwonse ankaitulutsa, kuiyang'ana, n'kuibwezeramo. Pepala limodzi lokha, koma linkamulemera ngati thumba la nandolo.

Loyce ankaphunzitsa pasukulu ina yapulayiveti kwa Chiwalo, ndipo teremu imeneyi anali atathawa m'kalasi katatu. Chinthucho sichinkaodira. Ali mkati molemba pabolodi, mtima unkangoyamba kugunda ngati ung'amba bulauzi, mpweya n'kuchepa, manja n'kuchita dzanzi, ndipo mumtima ankatsimikiza kuti akufa pomwepo. Ankataya choko n'kuthamangira kuseri kwa zimbudzi. Ulendo wachitatu ana atatsala okha anamenyana, wina n'kuthyoka dzino. Mwini sukulu, a Makina, anamuuza mosapsatira kuti akadzasiyanso ana kachinayi asadzavutike n'kubwerera. Kunyumba kunali ana ake awiri ndi mayi ake, onse akudya za choko chomwecho.

Kuchipatala anamuyeza malungo, shuga, magazi ndi BP, koma sanapeze kanthu. Kenaka anamutumiza kwa a Eneya, nesi woona za matenda a maganizo. Iwo anamufunsa mafunso maulendo awiri asanatchule dzina la matendawo, n'kumupatsa mankhwala ndi kumuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono chinthucho chikabwera. Anamuchenjeza kuti mankhwalawo amatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti ayambe kugwira.

"Milungu imeneyo ndilibe, anesi," anatero Loyce. "Andichotsa isanakwane."

"Ndiye tiwalembere kalata abwana anu," anayankha a Eneya. "Koma sindilemba kalikonse popanda chilolezo chanu. Dzina la matenda tilembemo kapena tingolemba zimene mukufunikira?"

Loyce anaganiza kuti popanda dzina a Makina adzati ndi ulesi. Anati alembe, n'kusayina pepala lachilolezo. A Eneya anamuwerengera zonse asanamate envulopu. Kalatayo inkati Loyce ali ndi matenda odziwika, ochizika, ndipo angathe kugwira ntchito yake bwinobwino. Inkapempha zinthu zitatu: kuti chikamugwira aziloledwa kutuluka mphindi khumi, mphunzitsi wa kalasi yoyandikana n'kumuonera ana, kuti ayambe wapumula kaye kuyendetsa asembule, ndiponso kuti azipatsidwa tsiku limodzi pamwezi lopita kuchipatala. Pakatha miyezi itatu adzaonenso ngati zimenezi zikufunikabe.

"Dziwani kuti ili ndi pempho, si lamulo," anatero a Eneya. "Pali nambala yanga m'munsimo, akafuna andiimbire."

Chimene chinkamuopsa Loyce chinali chidindo cha pansi pa kalatayo. Kwa Chiwalo munthu akaonedwa pakhomo la chipinda cha a Eneya, nkhani imafika kumudzi iye asanakwere n'komwe kabaza, ndipo liwu lake ndi limodzi: misala. Koma Lachisanu m'mawa manja anayamba kuchita dzanzi akumanga nsapato, ndipo anadziwa kuti kachinayi kali pafupi. Anakapereka kalatayo ku ofesi.

Tsono a Makina anali munthu wa sikelo. Chuma chawo anachipeza pogula nandolo ndi mpendadzuwa, sukulu inabwera pambuyo, ndipo Chingerezi chawo chinkathera pa "good morning". Kalata iliyonse yofika pasukulupo, kaya ya kuboma kaya ya wogulitsa mabuku, ankaisunga mpaka nthawi ya tiyi kuti ahedi, a Goodman, awawerengere n'kuwamasulira m'Chichewa aphunzitsi onse ali pomwepo. Ankati umo ndimo munthu sakunamiza. Liwu lakuti "Confidential", kutanthauza chinsinsi, limene a Eneya analemba ndi zilembo zazikulu pa envulopu, kwa iwo linali chokongoletsa.

Loyce atalowa mu sitafu anapeza envulopu ili yong'ambidwa kale, aphunzitsi asanu ndi mmodzi atagwira makapu.

"Bwana, kalatayo ndi yachinsinsi," anatero motsitsa mawu.

"Pano tili pabanja, madamu, chinsinsi cha chiyani? Werengani, ahedi."

A Goodman sanali munthu woipa. Atafika pa dzina la matenda anaima, n'kuyang'ana Loyce, n'kuyang'ananso chidindo chija. Anafuna liwu lofewa lakuti limuteteze, ndipo analipeza.

"Akuti amadamuwa ali ndi nkhawa, bwana."

A Makina anaphulika ndi phwete mpaka tiyi anatayikira patebulo.

"Nkhawa! Mpaka chidindo chifukwa cha nkhawa? A Gift, inu mulibe nkhawa? Nanga a Kate, chimanga chanu chija chitapita ndi madzi munalandira kalata? Ine ndili ndi nkhawa chibadwire, koma sindinathawepo sikelo."

Ena anaseka nawo, poti bwana akaseka kuseka ndi ntchito. Loyce anamva manyazi osaneneka, ndiponso ukali. Masiku anayi onse aja ankaopa kuti amutcha wamisala, osadziwa kuti angamutchenso wabodza.

"Si nkhawa imeneyo, bwana," anatero Loyce. "Ndi matenda. Mtima umathamanga, mpweya umandithera, ndimaona ngati ndikufa. Ndikumwa mankhwala. Chonde aimbireni anesiwo akufotokozereni, nambala ili pomwepo. Ndikungopempha mphindi khumi."

Kuseka kunatha. A Makina anatenga kalatayo n'kuloza chidindo ndi chala.

"Apa palembedwa chiyani, ahedi?"

A Goodman anayang'ana chidindocho. "Ndi mbali ya chipatala yoona za maganizo, bwana."

"Kuja amapita amisala kuja?"

A Kate anakokera mpando wawo kumbuyo pang'ono, mwina osadziwa n'komwe kuti atero, koma Loyce anaona.

"Madamu, ine sindinapite patali kusukulu, ndiye tilankhule Chichewa," anatero a Makina, ulendo uno mofatsa. "Ngati ndi nkhawa, tonse tili nazo, ndipo palibe amene amapumira panja ana ali m'kalasi. Mawu anga aja akhala momwemo. Ngati ndi misala, makolo akamva achotsa ana onse, ndiye sindingakusiyireni ana a eni ngakhale lero lomwe. Ndiuzeni nokha, ndi chiti?"

Loyce anafunafuna liwu lachitatu, lokhala pakati pa awiriwo. A Eneya anali nalo, koma linali la Chingerezi, ndipo linali litagona patebulo paja litanyowa ndi tiyi. Anayang'ana a Goodman kuti amuthandize, iwo n'kuweramira kapu yawo. Anaganiza za mayi ake ndi ana ake awiri aja.

"Ndi nkhawa chabe, bwana."

"Basitu! Pempherani, zitha." A Makina anapinda kalatayo n'kumubwezera. "Belu lalira."

Kuchoka ku sitafu kukafika ku Sitandade 5 ndi mtunda waufupi, koma asanafike pakati dzanzi linali litayamba kale m'zala. Ana makumi asanu ndi limodzi anaimirira n'kumulonjera mokuwa. Mtima unayamba kugunda, bolodi likuoneka ngati lili kutali. Anayesa kupuma monga anamuphunzitsira a Eneya, koma miyendo inali itayamba kale kumukokera panja.

Loyce anatseka chitseko, n'kukoka desiki lake lolemera lija mpaka kulitsamiritsa pachitsekocho. Ana anangoti kukamwa yasa.

"Madamu, mukutsekera ndani?" anafunsa mtsikana wina wa kutsogolo.

"Tsegulani tsamba 42," anatero Loyce, misozi ikutsika, atagwira choko ndi manja onse awiri.