Pepala la Magetsi

Mkulu wa anamwino anawauza mayi Telala poyera kuti amuna awo angathe kutuluka m'chipatala tsiku lililonse, koma osati kupita kunyumba ya masitepe. Banjali linkakhala m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa sitolo ya zitsulo, ndipo masitepe ake anali opapatiza moti anthu awiri sankadutsana. Munthu wa pachikuku sakanakwera.

Amuna awowo aliyense ankawatcha a Kapitawo. Anayang'anira amisiri omanga nyumba za anthu kwa zaka makumi atatu, yawo n'kumaimanga Loweruka lokhalokha. Sitiroko inawapeza nyumbayo ili ndi makoma ndi denga basi. Dzanja lamanja linafa, mwendo unalemera, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka pachitsime.

Mayi Telala anaganiza zomalizitsa chipinda chimodzi ndi bafa, zinazo zidzaoneka. Iwo ankadziwa makina osokera, za njerwa ayi. Anatenga foni ya amuna awo n'kuimbira amisiri onse amene anali m'menemo. Woyamba kuyankha anali womanga, bambo wina wamtali amene anzake ankamutcha Mawamawa. Ulendo uno anabweradi tsiku lomwelo, nathira simenti pansi m'bafa, yosalala bwino. Patapita masiku atatu kunabwera pulambala. Anaima pakhomo la bafa, chipewa chili m'manja.

"Mayi, nanga madzi oipa adzatulukira pati? Paipi imadutsa pansi apa."

Anaswa simenti yonse ija. Mayi Telala anakhala pa chidebe chogadabuza, akumva nyundo ikulira. Mawamawa atamva anangoti, "Inu munati ndithire, ine ndinathira. A Kapitawo ndi amene ankatiuza woyamba ndani."

Madzulo ake kushopu yawo yosokera kunabwera mlamu wawo, mchemwali wamkulu wa a Kapitawo, mayi wapakamwa koma wamtima wabwino. Anawapeza akuyang'ana diresi losamaliza, lumo lili pamiyendo.

"Alamu, mwaonda ngati ndinu mwagonekedwa. Zavutanso n'chiyani?"

"Aliyense akuti akudikira mnzake. Ndikaitana uyu, akuti uje sanabwere. Amene sadikira ndiye wandiphwanyitsa simenti."

"Afunseni eni ake."

"Chiganizo chimodzi chimawatengera theka la ola, kenako akulira. Sindingawavutitse ndi zimenezi."

Kenako mayi Telala anasolola pepala lakhaki lodulira mapatani n'kuyamba kulidula timagawo. Pa kagawo kalikonse analemba ntchito imodzi: mapaipi a madzi, simenti ya pansi, felemu ya chitseko yotambalala kuti chikuku chizidutsa, mafelemu a mawindo, kanjira kotsetsereka ka pakhomo, pulasitala, siling'i, penti, magetsi, matailosi, chimbudzi, zitsulo zogwirira, zitseko, magalasi. Anakwana mapepala khumi ndi anayi. Mawa lake anaimbira mmisiri aliyense, osamufunsanso kuti abwera liti. Funso linali limodzi: kuti inu muyambe, chiyenera kukhala chitatha n'chiyani? Zimene ankayankha ankazilemba ndi pensulo m'munsi mwa pepala la ntchitoyo.

Anawabaya mapepala onse ndi mapini pa nsalu yotchinga kuseri kwa makina. Mlamu uja anavala magalasi.

"Ndiye muyambira pati? Onse ali ndi mchira."

"Osati onse. Onani awa atatu, pansi pake palibe chilichonse. Mapaipi, felemu ya chitseko, mafelemu a mawindo. Amenewa sakudikira munthu."

"Woyamba ndi uti mwa atatuwo?"

"Aliyense. Ngakhale onse tsiku limodzi, sakupondana."

Zinayenda choncho kwa milungu iwiri. Pulambala atamaliza, mayi Telala anazula pepala lake n'kufufuta mawu akuti mapaipi paliponse pamene analembedwa m'munsi mwa mapepala ena. Pepala la simenti ya pansi linatsala loyera, ndipo Mawamawa anathiranso, ulendo uno mosaopa nyundo. Kalipentala ataika felemu ya chitseko, kanjira ka chikuku kanamasuka. M'mawa mayiwo ankapita kuchipatala kukasambitsa amuna awo, masana kunyumba yatsopano, madzulo pamakina. Nthawi zina ankagona m'basi n'kupitirira siteji.

Lolemba la mlungu wachitatu anaima patsogolo pa nsalu ija. Panatsala mapepala asanu ndi anayi. Anawayang'ana limodzilimodzi, kuchokera kumanzere, kenako kuchokera kumanja. Panalibe loyera ngakhale limodzi. Lililonse linali ndi dzina losafufutidwa pansi pake.

Anaganiza kuti mwina aiwala kufufuta penapake, koma ayi. Anaimbira Mawamawa.

"Bambo, pulasitala bwanji?"

"Ndinakuuzani mayi, magetsi kaye. Ndikapaka khoma kenako wamagetsi n'kudzaligoba, mudzati Mawamawa ndi woipa kachiwiri."

Anaimbira wamagetsi. Kumene anali kunkamveka phokoso la makina.

"Ine mayi, ntchito zonse za a Kapitawo ndimabwera penti itauma. Zaka zonsezi. Maswitchi sangalowe pakhoma loti lidzapakidwabe."

Wapenti anaseka pang'ono mwaulemu. "Ndipake penti panjerwa, mayi?"

Masiku anayi anadutsa popanda amene anapondako kunyumba ija. Mkulu wa anamwino anafunsanso kawiri, mosakalipa, koma bedi linkafunika. Mlamu anati amisiriwo angopangana, achita kuona kuti ndi mzimayi. Mayi Telala sanavomere. Mawu a anthuwo sankamveka ngati a anthu onama.

Lachisanu anakhala pansi ndi mapepala asanu ndi anayi aja patebulo lodulira. Anatola la zitsulo zogwirira. Likudikira matailosi. Anatola la matailosi: likudikira pulasitala. Pulasitala akudikira magetsi. Magetsi akudikira penti. Penti akudikira pulasitala. Anaima pamenepo, chala chili papepala limene analigwira kale. Anayambiranso pa magalasi, nafikanso pa pulasitala, magetsi, penti, pulasitala.

"Alamu, bwerani muone," anatero. "Zitseko, magalasi, chimbudzi, zonsezi zilibe mlandu, zangoima pamzere kumbuyo. Vuto lili apa. Atatuwa agwirana malaya mozungulira. Palibe amene angayambe."

"Ndiye nyumba za anthu zimatha bwanji?"

"Ndi zimene sindikudziwa."

"Ine ndatopa nako kumusunga ngati dzira mchimwene wangayo. Mutu wake uli bwinobwino. Tengani mapepalawo."

Anapita kuchipatala nthawi yoona odwala ya masana. A Kapitawo anali atawakhazika chotsamira pilo, chopukutira chili pachifuwa. Mayi Telala anasuntha kapu ndi mankhwala pa katebulo ka pabedi n'kuyala mapepala atatu aja. Anafotokoza pang'onopang'ono, za simenti yoswedwa ija osatchula. Bambowo anayang'ana nthawi yaitali. Pakamwa panagwedera.

"Ma... ma..."

"Musadzivute bambo. Lozani chabe."

Anatambasula dzanja lamanzere n'kukoka pepala la magetsi. Analipanikiza ndi chigongono, nayesa kuling'amba. Linaterereka n'kugwa pansi. Mlamu analitola. Anayesanso, ulendo uno atalilumira ndi mano, ndipo linang'ambika pakati. Chidutswa chimodzi anachikankhira patsogolo pa pulasitala. Chinacho anachiika pambuyo pa penti. Kenako anadzimenya pachifuwa ndi chala, akuloza chidutswa choyamba.

"Ine," anatero. Linatuluka lomveka bwino.

Apa mayi Telala anamvetsa. Anakumbukira masiku amene amuna awo ankabwera tsitsi lili lofiira ndi fumbi la njerwa, m'thumba muli tizidutswa ta paipi yopyapyala.

"Kugoba khoma n'kuika mapaipi a mawaya ndi timabokosi tija, munkachita nokha? Wamagetsi ankangobwera kumapeto kudzakoka mawaya ndi kumanga maswitchi?"

Bambowo anagwedeza mutu kuvomera. Misozi inayamba, monga inkachitira masiku amenewo pa chilichonse, ndipo mchemwali wawo anawapukuta mokalipa. "Iwe, ntchito ziwiri kuzipatsa dzina limodzi, mkazi wako akanalota? Zaka zonsezi osalemba penapake."

Palibe amene ananama. Mawamawa ankanena za magetsi a m'kati mwa khoma, wamagetsi ankanena za apamwamba pa khoma, ndipo mayi Telala analemba zonsezo papepala limodzi. Ali m'basi analemba mapepala awiri atsopano. Loyamba, mapaipi a mawaya, linalibe chodikira. Lachiwiri, mawaya ndi maswitchi, linkadikira loyambalo ndi penti. Pansi pa pulasitala anafufuta magetsi n'kulemba mapaipi a mawaya.

Wamagetsi sanakondwe. Anati ali ndi ntchito kutali, kugoba khoma kumadya tsiku lonse. Pomaliza anavomera kubwera Loweruka m'mawa kudzajambula ndi choko modutsa mapaipi, wina agobe, iye adzaike mapaipiwo Lamlungu. Wogobayo sanapezeke. Mayi Telala anamanga mpango kukamwa, natenga tchizulo ndi nyundo ya amuna awo. Mlamu anagoba mzere umodzi n'kukhala pansi, akuti phewa. Pofika madzulo manja a mayiwo anali ndi matuza, ndipo Lolemba analephera kulowetsa ulusi pa singano. Mwini diresi lija anabwera, naliona, n'kulitenga losamaliza.

Kuchokera pamenepo mapepala anayamba kuzuka. Pulasitala anamasula siling'i, magalasi ndi matailosi pakamodzi, koma Mawamawa anati khoma liume kaye asanaligwire wapenti, ndipo kuuma sikunali papepala lililonse. Anadikira. Watailosi anadwala mlungu wathunthu, chimbudzi ndi zitsulo zogwirira n'kuima naye limodzi. Mayi Telala sanakalipire munthu. Ankangoyang'ana pansalu paja kuona chimene chingachitike tsiku limenelo, ndipo tsiku lina panalibe, ankapita kukagona.

A Kapitawo anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu ndi umodzi. Galimoto ya mnansi inawasiya pakhomo dzuwa lili pamutu. Chitseko cha bafa chinali chisanaikidwe, panali nsalu. Mlamu anakankha chikuku kulowa m'chipinda, ndipo bambowo anakweza dzanja kuti aime pafupi ndi khoma. Anasisita pulasitala ndi chikhatho, kutsika, kukwera, mpaka pakona. Anakwinya nkhope.

"Yo... yokhota."

"Mudzawongola nokha mukachira," anatero mayi Telala.

Anawathandiza kukwera pabedi, nawavula nsapato. Mlamu anapita kukasaka poika ketulo. Mayi Telala anakhala m'chikuku chija poti munalibe mpando wina, nati apumeko pang'ono asanayambe kumasula zikwama. Mlamu pobwera ndi makapu anawapeza onse awiri ali m'tulo.