Madesiki a Yoram

Kale, wakuba ankavutikako: ankayenda wapansi, n'kuthyola zenera, n'kulumidwa ndi galu. Masiku ano amangotumiza chidziwitso pa foni, chokhala ndi chidindo chokongola kuposa cha boma.

Chidziwitso chotere chinamupeza Yoram Nyirenda, kalipentala wa pa Champhira. Chinkati pulojekiti ina ikufuna amisiri opanga madesiki a sukulu za m'boma la Mzimba. Ndalama yolembetsera anatumiza tsiku lomwelo. Posakhalitsa abwana a pulojekitiyo anamuimbira kuti wapambana, ngakhale sanatchule mtengo wa desiki ndi limodzi lomwe. Kunangotsala ndalama yoyendetsera mapepala. Yoram anagulitsa makina ake opalira matabwa, amene ankadyetsa banja lonse.

Mkazi wake Iness ndiye anaumirira kuti akayambe wafunsa ku Boma. Yoram anakwera minibasi, ndalama ili mu sokosi.

Mu ofesi yoona zogulagula anapezamo mayi Perpetua Kalua, akudya chinangwa pamwamba pa mafayilo. Mayiyo anayang'ana foni ya Yoram pang'ono chabe.

"Bambo, pulojekiti imeneyi kulibe. Tenda yeniyeni timalengeza m'nyuzi ndi pa bolodi panjapo. Ngati pali cholipira, ndi cha mapepala a tenda, kwa kashiya, mulandire lisiti. Mitengo yanu mumaika mu envelopu yomata n'kuponya m'bokosi ilo. Wopambana salipira kuti wapambana."

"Koma andisankha kale, mama."

"Akusankhanidi. Nambala mukutumizakoyo ndi ya munthu. Munamva kuti boma lili ndi nambala ya mlamu wake?"

"Yewo chomene," anathokoza Yoram mwaulemu.

Panja anaseka yekha. Iye sanabadwe dzulo. Mu ofesi ya boma, munthu n'kukufotokozera zonse bwinobwino, msangamsanga, osapempha ngakhale ya fanta? Pamenepo panali nkhani. Mayiyo ndithu anali ndi mchimwene wake kalipentala, ndipo ankafuna kuti Yoram agwe ulesi, madesiki apite kwawo. Bokosi lija ankalidziwa: anaponyamo envelopu kangapo m'zaka zapitazo, osamva ngakhale pepani.

Analunjika kwa ejenti wa ndalama za pafoni pafupi ndi msika, n'kuvula nsapato.

"Dzina likutuluka ndi Providence Banda," anatero ejenti. "Mukumudziwa, dada?"

"Ndi akauntanti wa pulojekiti."

"Akauntanti ameneyu sabata ino walemera. Dzulo ankamutumizira ndi osoka mayunifolomu. Ndisatumize, kaganizeni kaye."

"Iwenso uli ndi mchimwene kalipentala? Tumiza."

Ejenti anatumiza.

Yoram anaimba kuti awauze abwana aja kuti zatheka. Foni inali yozima. Anayesanso ali pa depoti, anayesanso minibasi itadutsa mlatho. Yozimabe.

Mtima wake unakhala pansi. Ofesi yosayankha foni ikangolandira ndalama, imeneyo ndiye ya boma yeniyeni. Anayamba kuwerengera m'mutu matabwa oti akatenge pa ngongole ku Luwawa, ndi amene angamubwereke makina opalira.