Mwezi Sunaoneke Lolemba

Amene anachotsetsa ntchito Amina Saide ndi Fanuel, mlembi wa kampani yomanga milatho pa Mitande, ndipo anachita zimenezi ndi zala ziwiri pa makina olembera. Kumutukwana sanamutukwane, bodza la kuba sanamunenere. Anangotenga kalata ya mayi wamasiye n'kuidula pakati, theka n'kutumiza ku ofesi ya kampani ku Cuamba, theka n'kutaya.

Amina ankaphikira amuna makumi anayi pa msasa wa kampaniyo, imene inkadzutsa milatho yomwe nkhondo inagwetsa pa msewu wa Mandimba. Iye anabwerako ku Malawi ndi ana atatu, mwamuna atamusiya m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo. Munda wa makolo ake anaupeza wamera mitengo, ndipo mbali ya kumtsinje anthu ankaopa kupondako chifukwa cha mabomba okwirira. Ndiye ntchito yophikayi ndiyo inali khasu lake.

Mwezi wa Ramadhani anaphika tsiku ndi tsiku ali pa kusala, kukhosi kuli gwa, nyemba osazilawa. Amisiri a ku Ngauma ankamuseka kuti mchere akuthira ndi maso, lero nyanja, mawa madzi a mvula. Iye ankawayankha kuti amene ali ndi lilime lanzeru abwere atenge chipande. Kutatsala masabata awiri kuti kusala kuthe, anang'amba pepala m'kope la mwana wake, nakhala pa thumba la simenti n'kulemba m'Chinyanja chimene anaphunzira ali mtsikana kwa azakhali ake ku Namwera:

"Kwa akuluakulu a kampani. Ine Amina Saide wophika ndikupempha tsiku limodzi la Idi. Tsikulo ndi Lachiwiri kapena Lachitatu. Tidzayang'ana mwezi Lolemba dzuwa likalowa. Ukaoneka, Idi ndi Lachiwiri. Ukapanda kuoneka tidzasala tsiku la makumi atatu, Idi n'kukhala Lachitatu. Sindikupempha masiku awiri. Tsiku linalo ndidzabwera kuntchito."

Kalata zopita ku Cuamba zinkadutsa m'manja mwa Fanuel, chifukwa ku ofesi ankafuna za Chipwitikizi zotayipa. Fanuel anali wa ku Ngauma, ndipo kumsasa kuja ku Malawi nyumba yake ndi ya Amina zinkayang'anizana. Anawerenga, natukula maso kuyang'ana kalendala ya sitolo ina ya ku Cuamba imene inali pakhoma, pomwe Lachiwiri panali kachithunzi ka mwezi. Anati zamveka, mayi asadandaule. Amina anabwereza kuti pali masiku awiri, asaiwale. Fanuel anati wamva. Anatayipa, namupatsa kuti asaine, ndipo Amina anasaina chinthu chimene sakanatha kuwerenga. Patapita sabata kamiyau, lole ya simenti, inabwera ndi yankho lokhala ndi chidindo. Fanuel anangoti akuluakulu avomera, ndipo Kristina, mlamu wa Fanuelyo, adzagwirizira kukhitchini.

Lolemba madzulo anthu anasonkhana pabwalo la mzikiti watsopano, wa njerwa zosawotcha, umene anaumanga pamalo pa wakale umene unapsa. Onse nkhope kumadzulo. Koma unali mwezi wa mvula, mitambo inali itaunjikana mbali ya ku Malawi ngati mabulangete akuda. Ana ankaloza apa ndi apo, wina anati wauona, kenako anavomera kuti chinali chibowo cha mtambo. A shehe anadikira, anafunsa amene anali ndi wailesi, anafunsanso wanjinga amene anachokera ku Mandimba. Kulikonse yankho linali limodzi. Pamenepo anati mwezi sunaoneke, mawa aliyense asale, akwanitse makumi atatu.

Lachiwiri m'mawa Amina anafika pamsasa n'kupeza Kristina akukoleza moto. Anamuuza kuti apite akalime, abwere mawa. Ali mkati mosankha nyemba Fanuel anatulukira, malaya opisira, nafunsa kuti mayi akutani pano pa tsiku la tchuthi chawo.

"Idi ndi mawa, achimwene. Mwezi sunaoneke."

"Koma pepala likuti lero."

"Pepala lake liti? Ine ndinalemba Lachiwiri kapena Lachitatu."

Apa ndi pamene Fanuel anaulula, akukanda kumbuyo kwa khutu. Anati kalata ya ku ofesi imafuna tsiku limodzi, ya "kapena" akanaibweza, mwinanso akanamuseka iyeyo kuti sadziwa ntchito. Anati anachita kumuthandiza. Kalendala ndi yosindikiza, anaipanga anthu ophunzira, iye akanadziwa bwanji kuti mwezi ukana? Khirisimasi bwanji siyendayenda?

Amina anaika lichero pansi. Anamufunsa ngati zaka zisanu ndi ziwiri zija kumsasa sanadye mpunga wa Idi pakhomo pake, ngati sanaonepo malemu bambo a ana akutuluka madzulo kukayang'ana kumwamba. Fanuel anati zimenezo ankaziona, koma ankayesa ndi mwambo chabe, tsiku amakhala akulidziwa kale. Kenako anati asakwiye, akonza. Lamya pamsasa panalibe, kamiyau inali itatitimira m'matope kwinakwake, koma iye anati akonza.

Amina anaphika tsiku lonse limene pepala linkati ali pa tchuthi. Anatsuka miphika, anawaza nkhuni za mawa, ananyika nyemba kuti Kristina asadzavutike. Lachitatu anavala nsalu yake yatsopano, anatenga ana, napita kukaswali Idi yoyamba mumzikiti wa kwawo kuchokera pamene anathawa.

Kukonza kwa Fanuel kunali kotere. Anaopa kulemba munthu wogwirizira pa tsiku lopanda chidindo, ndiye anatumiza mawu kwa Kristina kuti asabwere, poganiza kuti Amina aswali m'mawa n'kuthamangira kuntchito. Sanamufunse. Dzuwa litafika pamutu amisiri anapeza khitchini ili zii, nyemba zili m'madzi. Anataya mafosholo, simenti yosakaniza kale inauma pansi, ndipo tsiku lomwelo ndi limene injiniya anatulukira kuchokera ku Cuamba. Atafunsa za wophika, Fanuel anatsegula buku n'kuonetsa kuti tchuthi chinali dzulo. Zoti dzulolo mayiyo anagwira ntchito, pakamwa pake sizinatuluke.

Lachinayi Amina anapeza Kristina atavala epuloni yake. Kristina sanathe n'kumuyang'ana komwe. Fanuel anapatsa Amina pepala lina la chidindo, lomuimitsa ntchito, maso ali pa makina, nati iye ndi wamng'ono, nkhani ili kwa Dona Antónia, amene amaona za antchito ku Cuamba. Amina anapempha kalata yake ija ya pa pepala la m'kope. Fanuel anafufuza m'kabati, naipeza itakulunga misomali.

Loweruka anakwera kamiyau ya amalonda, pamwamba pa matumba a chinangwa chouma. Kawiri konse anatsika kukankha nawo m'matope. Anafika ku Cuamba dzuwa litapendeka, ofesi atatseka, ndipo anagona masiku awiri kwa msuweni wake pafupi ndi njanji. Lolemba anakhala pa benchi kuyambira m'mawa. Mlonda anamuuza kuti abwana atanganidwa. Iye anati nayenso watanganidwa, ntchito yake lero ndi benchi imeneyi.

Dona Antónia anamulowetsa masana. Anali mayi wa magalasi, wotopa, mapepala ali mbwee patebulo. Amina anayamba kuthyola Chipwitikizi chake cha pamsika, koma iwo anamudula m'Chinyanja chosalala kuti alankhule zakwawo, iwonso anakulira ku Entre Lagos, kumalire ndi Malawi. Analandira kwa Amina pepala la dzimbiri la misomali lija n'kuliwerenga lonse, osaphonya liwu. Amina anamvetsera mpaka kumapeto. Ndiye kuti kalata yake ikanatha kufika momwe inalili, n'kumveka.

Dona Antónia anapumira m'mwamba. Anati akuona pamene zinakhotera. Koma injiniya walemba kale lipoti, simenti yawonongeka, ndipo pa kalata ya m'faelo, imene ili ndi dzina la Amina pansi pake, palembedwa Lachiwiri. Kutsegula nkhani ya mlembi ndiye kuti makalata apite ku likulu la kampani, abwere, miyezi ithe, mlatho n'kutha. Njira yachidule ilipo. Amina alembe mizere itatu kuti anasokoneza tsiku, akupepesa, sadzabwerezanso. Iwo aika chenjezo m'faelo, ndipo Lolemba linalo abwerere kukhitchini.

"Ndisokoneze tsiku la Idi ine?"

"Ndi mawu chabe, mayi. Ana adye."

"Nanga chaka chamawa? Mwezi ukadzabisalanso mudzatsegula faelo n'kunena kuti uyu ndi uja amasokoneza masiku."

Dona Antónia anati za chaka chamawa adzaziona chaka chamawa. Anamukankhira pepala loyera ndi cholembera, nati akalembere pa benchi, akatha asiye kwa mlonda.

Amina anatuluka nalo. Anakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Anaganiza za ufa umene unatsala m'dengu, wosakwana sabata. Anaganiza za mwana wamkulu amene anayamba sukulu ya Chipwitikizi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, atakhala pakati pa tiana. Mizere itatu si yambiri. Analemba "Ine Amina Saide ndikupepesa", nayang'ana mawuwo. Anawakhwatcha mpaka pepala linabooka. Anatembenuza kuseri.

Atamaliza sanapereke kwa mlonda. Anamudutsa, nakankha chitseko, naika pepalalo pamwamba pa zonse zimene Dona Antónia ankawerenga. Kenako anakhala pansi penipeni, pa simenti, natambasula miyendo kutsekereza khomo. Pa pepalapo panali izi:

"Dona Antónia. Ine sindinasokoneze tsiku. Ndinalemba masiku awiri, Fanuel anafafaniza limodzi osandiuza. Lachiwiri ndinaphika, amuna makumi anayi anadya, afunseni. Lachitatu ndinapita ku Idi monga ndinapempha. Kristina anamuletsa ndi Fanuel. Mwezi sindiutulutsa ndine, ngakhale a shehe sautulutsa. Mukufuna ndilembe bodza kuti amene analakwa akhale woyera, ine ndikhale ndi chenjezo. Sindilemba. Ngati mukundichotsa, lembani kuti mwandichotsa chifukwa mwezi sunaoneke Lolemba, muikepo chidindo, ndikaonetse ana anga. Ngati simukundichotsa, ndiuzeni tsiku loti ndikayambe. Kalata iyi sinadutse kwa mlembi, mwawerenga nokha. Ndili pakhomo panu pano. Ndiyankheni."